Sananditenge ku esiteti: ndiwalembere kufunsa pomwe ndinaperewera?

Funso: Ndimakhala ku Luchenza. Sabata ziwiri zapitazo ndinakachita intavyu ya ukalaliki wa kusitolo pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje. Tinalipo asanu. Dzulo yafika imelo yoti sanandisankhe. Ndikufuna kudziwa pomwe ndinaperewera, komanso kuti asandiiwale malo akadzapezekanso, koma ndikuopa kuoneka ngati wodandaula kapena wopemphetsa. Ndilembe zotani, ndipo nditumize liti? Ndine mayi wa ku Luchenza.

Yankho: Lembani, achemwali, ndipo musadikire sabata kuti ithe. Koma musanagwire foni, dziwani kaye zomwe zili pa desiki ya munthu amene mukumulemberayo, chifukwa n'zimene zikuuzeni mawu oyenera.

M'makampani ambiri okhazikika, aliyense wa ofunsa mafunso amakhala ndi pepala lake la malikisi. Wolowa womaliza akatuluka, malikisi amaphatikizidwa ndipo mayina amandandalikidwa kuyambira wapamwamba. Tiyerekeze kuti pa asanu inu zinatuluka chonchi: 78, 75, 66, 61 ndi 52. Wa 78 amamuimbira foni. Anayi otsalawo amalandira kalata imodzimodzi, yosasiyana ngakhale liwu limodzi. Choncho imelo imene mwalandirayo siikuuzani ngati munali wa 75 kapena wa 52. Pamene kwa ife amene tinagwirapo ntchito mu ofesi yolemba anthu, awiriwa ndi osiyana kutalitali. Dzina la wachiwiri timalisunga pafupi, chifukwa woyamba uja sakhala wathu mpaka atafika n'kukhazikika. Ena akamva malipiro amabwerera. Ena tikafunsa komwe ankagwira kale timamva zosakoma. Ena amavomera, kenako akaona nyumba ya kudivishoni ndi msewu wake nthawi ya dzinja, mtima umabwerera ku Limbe. Ndiye pali nthawi yoyesedwa, imene lamulo la za ntchito la 2000 limalola kuti ifike mpaka miyezi 12 pa ntchito za luso, ngakhale ambiri amaika itatu kapena isanu ndi umodzi. Wina akalephera pamenepo, kulengezanso malo m'nyuzi n'kuitananso anthu ndi ndalama komanso nthawi. Chapafupi n'kutsegula fayilo yakale n'kuimbira wotsatira.

Phindu lalikulu la kalata yanu lili pamenepo. Mayankho a pomwe munaperewera akhoza kubwera kapena ayi, ndipo kawirikawiri sabwera. Koma tsiku lomwe fayilo ija idzatsegulidwe, mukufuna kuti chomaliza chimene adzapeze pa dzina lanu chikhale kalata yaifupi, yaulemu, yonena kuti mukadalipo ndipo nambala yanu ndi iyi.

Tumizani pakapita tsiku limodzi kapena awiri, m'mawa wa tsiku la ntchito. Tsiku lomwelo ayi, chifukwa mtima umakhala ukadali wowawa ndipo umatulukira m'mawu ngakhale inu musakufuna. Mukachedwa mpaka sabata zitatu, ofunsa aja amakhala aiwala nkhope yanu ndipo mapepala a malikisi alowa m'kabati. Ngati masiku amenewa agwera kumapeto kwenikweni kwa mwezi, dikiraniko pang'ono. Pa esiteti ofesi yomweyo ndi imene imathamanga ndi malipiro a anthu mazanamazana, ndipo kalata yofika pamenepo imakwiririka.

Musayambe imelo yatsopano. Tsegulani yomwe anakutumiziraniyo n'kudina `Reply`, mutu wake ukhale momwemo ndi `Re:` kutsogolo. Potero dzina la ntchito ndi nambala yake zimaonekera pomwepo, ndipo wowerenga savutika kukumbukira kuti ndinu ndani. Musadine `Reply All`. Ndaonapo ofesi zina zikutumiza kalata yokana kwa onse pamodzi, ma adiresi ali poyera, ndiye yankho lanu lingakafike kwa anzanu atatu okanidwa aja. Yang'ananinso adiresi yomwe yatumiza. Ikayamba ndi `noreply` kapena `no-reply`, kumeneko kulibe munthu wowerenga. Zikatero bwererani ku imelo yomwe inakuitanani ku intavyu, muyankhe imeneyo, popeza anailemba ndi munthu weniweni amene anakonza tsiku ndi nthawi. Lemberani iyeyo basi. Kulumpha n'kulembera manijala wamkulu wa esiteti kumaoneka ngati mwakasuma, ndipo kalatayo idzatsikabe kwa yemwe munamulumphayo.

Tsopano funso lenilenilo, pamene ambiri amagwera.

Munthu akalemba kuti "ndiuzeni chifukwa chake simunanditenge", wafunsa chinthu chimene wolemba ntchito sangayankhe papepala. Lamulo lomwe lija la 2000 limaletsa tsankho polemba anthu, kaya la mtundu, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi, ulumali, banja ndi zina, ndipo limateteza ngakhale amene akungofunsira ntchito. Aliyense wa mu ofesi yolemba anthu amadziwa kuti chiganizo chimodzi chosaganizira bwino chikhoza kudzawerengedwa kwa a leba kapena kukhoti. Akaona funso lofuna chifukwa, amatseka zenera. Amayankha kuti ofunsira anali ambiri ndipo anasankha amene anakwanira bwino zofunika, basi. Chimodzimodzinso mukafunsa kuti watengedwayo ndani kapena anakuposani pati. Za munthu wina sangakuuzeni, ndipo ndi bwino kuti sangatero, chifukwa mawa wina adzafunsa za inu.

Funso loyankhika limakhala la inu, la kutsogolo, ndipo laling'ono moti munthu angaliyankhe ndi mizere iwiri ali chiimire. "Kodi ndi mbali imodzi iti imene ndingalimbikire kuti ndidzachite bwino ulendo wina?" Limeneli silikutsutsa chiganizo chawo ndipo silikukhudza wina aliyense.

Mukhoza kulichepetsanso. Khalani pansi ndi pepala mukumbukire intavyu yonse, funso ndi funso, mupeze pamene nkhope zinasintha kapena pamene wina anabwereza funso m'njira ina. Wofunsa akabwereza, ndiye kuti yankho loyamba silinamufike. Pa ukalaliki wa kusitolo pali funso limene silisowa. Amati khadi la katundu likuonetsa matumba 120 a feteleza, koma mwawerenga m'sitolo mwapeza 114, mutani? Ambiri amathamangira kunena kuti akauza abwana. Ofunsa amafuna kumva ndondomeko: kuwerenganso muli ndi mboni, kufananiza khadi ndi mapepala olandirira katundu komanso otulutsira kuyambira tsiku lomwe munawerenga komaliza, kufunsa ngati pali matumba omwe kapitawo anatenga m'mamawa pepala lisanalembedwe, kenako kulemba lipoti, osakonza khadi mwakachetechete kuti ligwirizane ndi zomwe zilipo. Ngati mukuganiza kuti munaterereka pamenepa, kapena pa mayeso a pa kompyuta a Excel, tchulani ziwirizo m'kalata, muwasiye asankhe. Munthu wotanganidwa kumupatsa zosankha ziwiri n'kumupeputsira ntchito. Akhoza kungoyankha kuti "ndi Excel", ndipo mawu awiri amenewo akuthandizani kuposa ndime yonse ya chipepeso.

Kalata yake ikhoza kukhala chonchi. Ndailemba m'Chichewa kuti muone kamangidwe kake. Inu mulembe m'chilankhulo chomwe iwo anakulemberani, chimene pa esiteti nthawi zambiri chimakhala Chingerezi, koma mundandanda wa mfundo ukhale womwewu.

"Okondedwa a Uje,

Zikomo pondidziwitsa zotsatira za intavyu ya ukalaliki wa kusitolo imene ndinachita pa tsiku lakuti. Ndalandira chiganizo chanu, ndipo ndikuthokoza inu ndi anzanu chifukwa cha nthawi yomwe munandipatsa.

Ngati n'kotheka, ndingakondwe kumva mbali imodzi imene ndiyenera kulimbikira. Ine ndikuganizira ziwiri: yankho langa pa nkhani ya kusiyana kwa katundu wa m'sitolo ndi wa pakhadi, kapena mayeso a Excel. Mzere umodzi ukwanira, ndipo ngati kuyankhula n'kosavuta kuposa kulemba, nambala yanga ili pansipa. Ngati malamulo a kampani salola, ndimvetsa.

Ndikadali ndi chidwi chogwira ntchito kwanu. Malo a kusitolo, a pa sikelo ya masamba kapena a ukalaliki wa kufakitale akadzapezeka, ngakhale a kanthawi a nyengo yothyola, chonde mudzandiganizire. Ndinu omasuka kusunga mapepala anga.

Ine wanu,
Uje, nambala yakuti"

Onani kuti ndime yoyamba ili ndi mawu oti "ndalandira chiganizo chanu". Musawachotse. Wowerenga akangoona dzina la munthu amene wakanidwa kumene, amayamba n'kudziteteza, poganiza kuti kwabwera mlandu. Mawu amenewa amamutsitsa mapewa kuti awerenge zotsalazo bwinobwino. Mawu oti "ngati malamulo salola, ndimvetsa" nawonso ali ndi ntchito. Pali makampani ndi mabungwe omwe amaletsadi antchito awo kupereka ndemanga zotere. Mukamupatsa potulukira, munthuyo akhoza kukuyankhani mwaulemu kuti sangathe. Mukapanda kutero amangokhala chete chifukwa cha manyazi, ndipo amene wakusiya osakuyankha savutika kudzakudumphanso mawa.

Za nambala ya foni ndazilemba dala. Zambiri zomwe munthu sangalembe akhoza kuzinena pakamwa kwa mphindi zitatu. Ndiye masiku otsatirawo foni ikhale ndi moto, ndipo nambala yachilendo muziiyankha ngati munthu wa pantchito, osati "ndani?" wa m'minibasi.

Ndime yachitatu ndiyo imasiya khomo lotsegula, ndipo mphamvu yake ili pa kutchula ntchito ndi mayina. Kulemba kuti "ntchito ina iliyonse ndilandira" kumamveka kudzichepetsa, koma wolemba ntchito sadziwa poika munthu wotero. Amaganiza m'mayina a malo. Bwana wa kufakitale akabwera kudzanena kuti akufuna kalaliki wa pasikelo sabata yamawa, m'mutu mwake mumabwera amene ananena za sikelo. Ndipo kuno kwathu nyengo imakuthandizani. Tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo amachuluka ndi mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo nthawi imeneyo ma esiteti amawonjezera anthu, osati othyola okha komanso olemba makilo ndi othandiza kufakitale. Ntchito ya kanthawi yotero ndi njira imene ambiri alowera. Koma muilembe pokhapokha ngati mungaivomeredi. Akadzakuimbirani inu n'kukana chifukwa ndi ya miyezi inayi, mwadzitsekera nokha.

Pali zina zomwe zimafuna kulowa m'kalata yotere ndipo muyenera kuzikaniza. Ana a sukulu, lendi, ndalama ya minibasi ndi kabaza imene munawononga kuchoka ku Luchenza kudutsa pa Chitakale mpaka kukafika pageti, zonsezi n'zoona ndipo n'zowawa, koma wowerengayo alibe mphamvu yosinthira malikisi chifukwa cha chisoni. Zimangomuchititsa kufuna kuti nkhaniyo ithe msanga. Musayankhenso mafunso a intavyu kachiwiri, ngati kunena kuti zomwe munkatanthauza pa funso lachitatu zinali zakuti. Ndipo musatchule kuti malume anu amadziwana ndi abwana akutiakuti, kapena kuti mwamva mphekesera zoti malowo anali ndi mwini wake kale. Mwina analidi naye, zimachitika, makamaka pamene wina wa mkati wakhala akugwirizira udindowo. Koma mukakhulupirira kuti panali tsankho lenileni, njira yake ndi ofesi ya leba ya paboma, ndi umboni m'manja. Kalata imodzi siingagwire ntchito ziwiri, yosuma ndi yopempha kuti adzakukumbukireni. Sankhanipo imodzi. Kumbukiraninso kuti dera lino ndi laling'ono. Oyang'anira antchito a m'ma esiteti amadziwana, amasinthana makampani, ndipo amene wawerenga kalata yaukali ku Mulanje chaka chino mukhoza kudzamupeza atakhala pa mpando wofunsa ku Thyolo chaka chamawa.

WhatsApp isiyeni, pokhapokha ngati iwo ndi amene anayamba kukulemberani kumeneko za intavyu. Ngakhale zitatero, lembani uthenga umodzi wathunthu nthawi ya ntchito, osati "muli bwanji bwana" n'kudikira, ndipo osati mawu ojambula.

Mukatumiza, pali zinthu zitatu zomwe zingachitike. Chofala kwambiri ndi zii. Dikirani masiku khumi a ntchito, muyang'anenso mu `Spam`, kenako tumizani chikumbutso chimodzi cha mizere iwiri pansi pa kalata yomweyo. Chikapanda kuyankhidwa, lekani. Kusayankha sikutanthauza kuti sanawerenge, ndipo kalata yanu yalowa kale m'fayilo. Kalata yachitatu ndi yachinayi zimayamba kufafaniza zabwino zomwe yoyamba inachita.

Chachiwiri ndi yankho la aliyense, lija loti munachita bwino koma mpikisano unali waukulu. Thokozani ndi mzere umodzi, musakumbe. Komabe liwerengeni mofatsa. Akalemba kuti asunga mapepala anu, amenewo ndi mawu a mwambo, aliyense amauzidwa. Koma akanena kuti munali pafupi, kapena akakufunsani ngati mungalole kugwira ku divishoni ina, kapena akatchula mwezi womwe akuyembekezera malo ena, pamenepo dziwani kuti ndinu wa 75 uja.

Chachitatu, chosowa koma chamtengo, ndi yankho lenileni. Tiyerekeze akuti pa mafunso munayankha bwino, koma pa kompyuta simunamalize, ndipo munaphatikiza manambala ndi kakyuleta m'malo mogwiritsa ntchito fomula. Likhoza kukupwetekani, mwinanso mungaone kuti si chilungamo chifukwa kompyuta yawo inkachedwa. Musatsutse ngakhale pang'ono. Munthuyo wachita chinthu chomwe sanakakamizidwe, ndipo mukamubweza mawu sadzachitiranso wina aliyense. Yankhani kuti zikomo, mwamva, ndipo muyamba kukonza. Kenako konzanidi. Pa ntchito ya kusitolo zofunika si zambiri: `SUM` yophatikizira, `SUMIF` yophatikiza katundu wa mtundu umodzi pa mndandanda wautali, `VLOOKUP` yopezera mtengo kapena dzina pogwiritsa ntchito nambala ya katundu, ndi kusefa mizere. Tengani kabuku ka golosale ya mbale wanu, mulowetse katundu wolowa ndi wotuluka wa mwezi wathunthu, muchite zimenezi mpaka manja azolowere.

Apa mwapeza chifukwa chabwino cholemberanso. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, makamaka cha mu Okutobala kapena Novembala pamene akukonzekera nyengo ya mvula, bwererani ku imelo yomwe ija. Nenani kuti munalangizidwa za Excel, mwachitapo zakuti, ndipo mwaphatikiza chikalata chatsopano cha mbiri yanu ya ntchito. Chikhale PDF, dzina la fayilo likhale dzina lanu lenileni, osati `Document1`. Kalata yotere imasiyana ndi "kodi kulibe kanthu?" chifukwa yabwera ndi nkhani yatsopano, ndipo imaonetsa chinthu chomwe intavyu ya mphindi makumi awiri siingaonetse, kuti mukauzidwa mumamva. Malo akadzalengezedwa poyera, funsiranibe mwa njira yonse ngati wina aliyense. Musaganize kuti poti amakudziwani ndiye kuti dzina lilowa lokha.

Zonsezi ndanena poganiza kuti amene anakulemberani ndi wantchito wa pa esiteti pomwepo. Ngati ndi wa kampani yapadera yofufuzira ena antchito, monga zimene zili mu Blantyre, khalani omasukirapo. Iwo amapeza ndalama akapezera kampani munthu, ndiye munthu amene anafika mpaka pa asanu omaliza ndi katundu wabwino kwa iwo. Afunseni zomwe esiteti inanena za inu, ndipo auzeni madera omwe mungagwire, kaya Bvumbwe, Makwasa, Mulanje boma kapena Limbe, ndi malipiro omwe mungayambire. Kumbali ina, amene wakanidwa asanaitanidwe n'komwe ku intavyu asayembekezere ndemanga, chifukwa makalata amakhala mulu ndipo palibe amene analemba kanthu za iye. Ntchito za boma zodutsa m'makomishoni nazonso zili ndi njira zake, ndipo imelo yotere siipita patali kumeneko.

Chenjezo limodzi, poti mwalemba kuti mukadali ndi chidwi ndipo mwapereka nambala. Wina akakuimbirani n'kunena kuti malo alipo koma mutumize kangachepe pa foni, ka fomu kapena ka yunifolomu, kapena akati mukakumane madzulo pa malo ogona alendo kuti mukambirane bwino, imeneyo si ntchito. Muuzeni kuti alembe pa imelo ya kampani, tsiku ndi nthawi ya ku ofesi. Wachilungamo alemba tsiku lomwelo. Winayo akapitiriza kuvuta, sungani mauthenga ake ndi nambala yake, mukazionetse kwa mkulu wa ofesi yolemba anthu pa esitetipo.